Mukapeza x, mubwezereni pomwe munamutenga: malangizo a maekwesheni a mapawa ndi malogarizimu

Funso lomwe ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 amandifunsa kawirikawiri ndi ili: "Aphunzitsi, ndapeza mayankho awiri, ndisiye liti?" Lina lofanana nalo ndi lakuti, "Ndatsata njira yonse, nanga yankho langa lasiyana bwanji ndi la anzanga?" Mafunso awiriwa mankhwala ake ndi amodzi, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiwalembe pano kamodzi kuti aliyense wokonzekera mayeso a MSCE, kapena kholo lomwe likuthandiza mwana kunyumba, aziwerenga yekha.

Tiyambe tagwirizana mawu. Tikalemba 2^5 = 32, nambala ya pansi, 2, ndiye besi, ndipo ya pamwamba, 5, ndiye pawa; ena amati indekisi. Kachizindikiro aka ^ ndikukagwiritsa ntchito kusonyeza kuti chomwe chikutsatira chili pamwamba. Ekwesheni ya mapawa ndi ija yomwe x wakwera pamwamba, monga 3^x = 40. Logarizimu ndi funso lomwelo litatembenuzidwa: log₂ 32 ikufunsa kuti, "Kodi 2 ndimukweze ndi pawa yanji kuti andipatse 32?" Yankho ndi 5. Choncho 2^5 = 32 ndi log₂ 32 = 5 ndi nkhani imodzi. Mukaona log yopanda kanambala pansi, besi yake ndi 10, ndipo ndi imeneyi yomwe ili pa batani la log pakalikuleta yanu.

Pali mfundo imodzi yomwe ndikupemphani muigwiritsitse, chifukwa zonse za m'munsimu zatsamira pa iyo. Besi ya pozitivu, kaya muikweze ndi pawa yanji, siingakupatseni ziro kapena nambala ya negetivu. Yesani ndi 2: 2^3 = 8, 2^0 = 1, 2^(−3) = 1/8. Nambala ikuchepa, koma siikufika pa ziro, ndipo siikudutsa kupita kunsi kwake. Ndiye chifukwa chake kulibe logarizimu ya ziro, kulibenso logarizimu ya nambala ya negetivu. Mukalemba log(−2) pakalikuleta, zambiri zimangoyankha kuti Math ERROR. Sikuti yawonongeka ayi, ikukuuzani zoona.

1. Koperani funso momwe lilili, ndipo musalikhudzenso

Lembani ekwesheni pamwamba pa tsamba monga yabwerera, muizungulize ndi kabokosi. Ntchito yonse muichitire pansi pake. Kabokosi kameneka ndi komwe mudzabwerereko mukapeza x. Zikuoneka ngati zazing'ono, koma mukafika pa sitepe 6 muona chifukwa chake mzere woyambawu uli wosiyana ndi mizere ina yonse yomwe mulembe.

2. Siyani pawa payokha mbali imodzi

Titenge funso ili:

5 × 3^x + 10 = 210

Musathamangire logarizimu. Choyamba chotsani zonse zomwe zazungulira 3^x. Chotsani 10 mbali zonse, mutsala ndi 5 × 3^x = 200. Gawani ndi 5 mbali zonse, mutsala ndi 3^x = 40.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kuchulukitsa 5 ndi 3 n'kulemba 15^x = 200. Pawa x ndi ya 3 yekha, 5 alibe nayo gawo. Wochita zimenezi amapeza x = 1.9565, ndipo akanabwezera nambalayi m'kabokosi akanapeza 5 × 8.58 + 10, yomwe ndi 52.9, kutalitali ndi 210.

Msampha wachiwiri ndi kuika log pa chidutswa chilichonse, n'kulemba log(5 × 3^x) + log 10 = log 210. Lamulo lotere kulibe. Lamulo lomwe lilipo ndi la kuchulukitsa: log(a × b) = log a + log b. Pa kuphatikiza, log(a + b) siigawika. Ngati mukukayika, yesani ndi manambala osavuta: log(10 + 10) ndi log 20, yomwe ndi 1.301, pomwe log 10 + log 10 ndi 2.

3. Onani ngati mbali zonse zingakhale ndi besi imodzi

Musanagwire kalikuleta, dzifunseni ngati manambala a mbali ziwirizo ali a banja limodzi. 4, 8, 16, 32 ndi 64 onse ndi mapawa a 2. 9, 27, 81 ndi 243 ndi mapawa a 3. 25, 125 ndi 625 ndi a 5. Zikatero logarizimu siifunika n'komwe. Mwachitsanzo:

8^(x − 1) = 32
(2^3)^(x − 1) = 2^5
2^(3x − 3) = 2^5
3x − 3 = 5
x = 8/3

Mabesi akafanana, mapawa nawonso ayenera kufanana, n'chifukwa chake tatha kusiya 2 n'kutsala ndi za pamwamba zokha. Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa mzere wachitatu: amachulukitsa 3 ndi x yekha, n'kuiwala 1 uja, kotero amalemba 3x − 1 = 5 ndi kupeza x = 2. Yankho la 2 limakopa, chifukwa ndi nambala yathunthu, pomwe 8/3 imaoneka ngati yolakwika. Musaweruze ndi maonekedwe. Bwezerani 2 m'funso: 8^(2 − 1) = 8, osati 32. Bwezerani 8/3: pawa ikhala 8/3 − 1 = 5/3, ndipo 8^(5/3) ikutanthauza kuti mupeze nambala yomwe ikadzichulukitsa yokha katatu imapereka 8, ndiye 2, kenaka muikweze ndi 5. Mupeza 32. Yankho ndi 8/3.

4. Mabesi akakana, tengani logarizimu mbali zonse

Tibwerere ku 3^x = 40. Nambala 40 si ya m'banja la 3: 3^3 = 27 ndipo 3^4 = 81. Musanawerengere chilichonse, mizere iwiriyi yakuuzani kale kuti x ali pakati pa 3 ndi 4, ndipo wayandikira 3. Lembani zimenezi pambali. Ndi chizolowezi chomwe ndimachikonda kwambiri, chifukwa chimatenga kanthawi kochepa koma chimagwira zolakwa zambiri za pakalikuleta.

Tsopano ikani log mbali zonse, ndipo gwiritsani ntchito lamulo lomwe limatsitsa pawa, lakuti log(a^n) = n × log a:

log(3^x) = log 40
x × log 3 = log 40
x = log 40 ÷ log 3
x = 1.60206 ÷ 0.47712
x = 3.358

Yankho lagwera pakati pa 3 ndi 4 monga tinayembekezera. Mukagwiritsa ntchito batani la ln m'malo mwa log mupeza zomwezo, 3.6889 ÷ 1.0986, bola musasakanize, log pamwamba ln pansi.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri m'makope ndi kusandutsa log 40 ÷ log 3 kukhala log(40 ÷ 3). Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. log(40 ÷ 3) ndi log 40 − log 3, kuchotsera, ndipo imapereka 1.125. Yemwe analemba pambali kuti x ali pakati pa 3 ndi 4 adziwa pompo kuti china chake chalakwika. Nthawi zina vutoli limachokera pa kalikuleta yeniyeniyo: zambiri zimatsegula bulaketi zokha mukadina log, ndipo mukapanda kuitseka pambuyo pa 40, zimaona ngati 40 ÷ log 3 yonseyo ili m'kati mwa logarizimu imodzi. Tsekani bulaketi musanadine kugawa.

Mawu amodzi pa za kudula manambala. Musafupikitse pakati pa njira. Mukalemba 1.60 ÷ 0.48 mupeza 3.33, ndipo nambala imeneyi ikabwerera m'funso imapereka 204 m'malo mwa 210. Kusiyana kwa pang'ono pa pawa kumakula kukafika pansi. Siyani manambala onse m'kalikuleta, mudule kamodzi kokha kumapeto.

Nanga poyesa yankho la madesimo, mudziwa bwanji kuti lakwana, poti silingapereke 210 ndendende? Ndi x = 3.358 mupeza 210.05. Ndi x = 3.36 mupeza 210.49. Kusiyana kotere ndi kwa kudula manambala, si kulakwa. Njira yodziwira ndi iyi: onjezerani madesimo a x, muyesenso. Ngati zomwe mukupeza zikunka ziyandikira 210, yankho lili bwino. Ngati zangoima pa 52.9 kaya muonjezere madesimo angati, njira ndiyo yalakwika. Pakalikuleta zambiri mutha kuyesa ndi yankho losadula, polemba chonchi mutangopeza x:

```
5×3^(Ans)+10
```

Ikuyankhani 210.

5. Mukaona mapawa awiri achibale, lowetsani chilembo china

Funso lina limabwera motere:

4^x − 3 × 2^(x + 1) − 16 = 0

Pano simungasiye pawa payokha, chifukwa x ali pawiri, ndipo logarizimu siingathandize poti zidutswazo zalumikizidwa ndi kuchotsera. Koma 4^x ndi (2^x)^2, ndipo 2^(x + 1) ndi 2 × 2^x. Tinene kuti y = 2^x. Funso lisanduka kwadiratiki wamba:

y^2 − 6y − 16 = 0
(y − 8)(y + 2) = 0
y = 8 kapena y = −2

Musaimire apa. Funso silinafunse y. Ophunzira ambiri amasangalala kuti kwadiratiki yatheka, n'kulemba x = 8, kutseka kope. Bwererani ku y = 2^x. Pa y = 8, tili ndi 2^x = 8, choncho x = 3. Pa y = −2, tili ndi 2^x = −2, zomwe sizingatheke pa chifukwa chomwe tanena koyambirira kuja. Musangodumpha mzere umenewu mwakachetechete. Lembani kuti 2^x singakhale negetivu, kuti wochonga aone kuti mwaukana mukudziwa.

Kuyesa: 4^3 − 3 × 2^4 − 16 = 64 − 48 − 16 = 0. Zatheka. Akanayesa x = 8 uja akanapeza 65536 − 1536 − 16, ndipo sakanafunika wina womuuza.

6. Maekwesheni a malogarizimu: apa ndiye pagona nkhani

Mu masitepe a m'mbuyomu, kuyesa yankho kumagwira zolakwa zanu. Wosamala kwambiri atha kukhoza ngakhale osayesa. Apa zinthu zasintha: mutha kutsata lamulo lililonse molondola, osalakwitsa pena paliponse, n'kutulukabe ndi yankho labodza. Mabuku ambiri amangoti "tayani yankho losayenera" osafotokoza komwe lachokera, ndiye tiyeni tilione bwinobwino.

log₂ x + log₂(x − 2) = 3

Phatikizani malogarizimu awiriwo ndi lamulo la kuchulukitsa, kenaka tembenuzani kukhala pawa:

log₂[x(x − 2)] = 3
x(x − 2) = 2^3
x^2 − 2x − 8 = 0
(x − 4)(x + 2) = 0
x = 4 kapena x = −2

Yesani 4 m'kabokosi: log₂ 4 + log₂ 2 = 2 + 1 = 3. Walowa. Yesani −2: log₂(−2) + log₂(−4). Malogarizimu onse awiri kulibe, choncho −2 si yankho.

Tsopano taonani chomwe chichitike mukayesa −2 yemweyo pa mzere wachiwiri, uja tinaphatikiza. M'kati mwa bulaketi mukhala (−2) × (−4), yomwe ndi 8, ndipo log₂ 8 = 3. Wakhoza! Pa mzere wachitatu wakhozanso, pa wachinayi chimodzimodzi. Mzere umodzi wokha ndi womwe ukumukana, woyamba uja.

Chachitika n'chiyani? M'funso loyambirira munali zipata ziwiri, ndipo x anayenera kudutsa chilichonse payekha: x akhale woposa ziro, komanso x − 2 akhale woposa ziro. Titaphatikiza, zipata ziwirizo zinasanduka chimodzi chotakasuka, chomwe chimangofuna kuti x(x − 2) akhale woposa ziro. Manegetivu awiri akachulukitsana amapereka pozitivu, ndiye −2 analowera pamenepo. Lamulo lakuti log a + log b = log(a × b) limagwira ntchito pokhapokha a ndi b onse ali pozitivu, ndipo pomwe tinaligwiritsa ntchito tinali tisanadziwe x, kotero sitikanatha kutsimikiza. Kuyesa kwa kumapeto ndiko kutsimikiza komwe tinakusiya m'mbuyo. N'chifukwa chake ndimanena kuti pa mafunso awa kuyesa si chinthu chochita nthawi ikatsala; funso silinathe musanayese. Ndipo kuyesa pa mzere wina uliwonse kupatula woyamba n'kungodzinamiza.

Ophunzira ena akaona chitsanzo ngati ichi amadzipangira lamulo lachidule: "yankho la negetivu timataya." Chonde musatero. Lamulo limeneli landipweteketsa mtima kambirimbiri pochonga, chifukwa limalanda malikisi kwa ana omwe ntchito yonse anaigwira bwino. Taonani funso ili:

log₂(x + 6) + log₂(x + 4) = 3

Njira ndi yomweyo: (x + 6)(x + 4) = 8, yomwe ikupereka x^2 + 10x + 16 = 0, choncho x = −2 kapena x = −8. Onse ndi manegetivu. Wa lamulo lachidule ataya onse n'kunena kuti yankho palibe. Koma yesani −2: log₂ 4 + log₂ 2 = 3. Ndi yankho lenileni. Yesani −8: log₂(−2) + log₂(−4), zosatheka. Wotayidwa ndi −8 yekha.

Zimachitikanso mbali inayo:

log₂(x − 3) + log₂(x − 5) = 3

Apa mupeza x^2 − 8x + 7 = 0, choncho x = 7 kapena x = 1. Onse ndi mapozitivu, ndipo wa lamulo lachidule asunga onse. Koma 1 akalowa m'funso akupereka log₂(−2) + log₂(−4). Yankho ndi 7 yekha, yemwe akupereka log₂ 4 + log₂ 2 = 3.

Choncho chomwe chiyenera kukhala pozitivu si x, koma chomwe chili m'kati mwa logarizimu iliyonse x akalowamo. Ngati mukufuna kudziteteza kawiri, lembani malire musanayambe n'komwe. Pa funso lomalizali, x − 3 > 0 ndi x − 5 > 0 zikutanthauza kuti x ayenera kuposa 5. Mukafika pa 1 ndi 7 mudziwa kale woti atsale. Komabe muyese 7, chifukwa malire amangokuuzani kuti nambala ndi yololedwa, sakuuzani kuti munafakitoraiza bwino.

7. Kayesedwe kake

Tengani yankho limodzi pa nthawi. Lowetsani m'mbali ya kumanzere ya funso loyambirira, muwerengere mpaka mutsale ndi nambala imodzi. Ngati kumanja kulinso x, chitani chimodzimodzi payokha. Kenaka yerekezani manambala awiriwo. Musasamutse kanthu kuchoka mbali ina kupita ina poyesa, ndipo musagwiritsenso ntchito malamulo a malogarizimu omwe munagwiritsa popeza yankho. Ngati munalakwitsa lamulo popita, mulilakwitsanso pobwerera, ndipo zolakwa ziwirizo zigwirizana. Werengerani logarizimu iliyonse payokha, monga tachitira ndi log₂ 4 ndi log₂ 2.

Zikakana, musafufute zonse. Tengani yankho lolakwikalo muliyese kuyambira mzere wa pansi kukwera m'mwamba. Likhoza pa mzere womaliza, mwina ndi wotsatira, mpaka mufike pa mzere womwe likukana. Cholakwika chili pakati pa mzere umenewo ndi wa pansi pake. Pa funso la 8^(x − 1) = 32 lija, x = 2 akukhoza pa 3x − 1 = 5 koma akukana pa (2^3)^(x − 1) = 2^5, ndiye mwadziwa kuti vuto lili pa kutsegula bulaketi.

Pali chinthu chimodzi chomwe kuyesa sikungakuchitireni: sikungakubwezereni yankho lomwe munalitaya m'njira. Taonani log(x^2) = 2. Mukatsitsa pawa mulemba 2 × log x = 2, kenaka log x = 1, choncho x = 10. Mukayesa, log 100 = 2, zonse zili bwino. Koma −10 nayenso ndi yankho, chifukwa (−10)^2 ndi 100 yemweyo. Anasowa pomwe munatsitsa 2: log(x^2) imalola x wa negetivu, pomwe log x siilola. Pa sitepe 6 chipata chinakula n'kulowetsa mlendo. Apa chachepa n'kutsekera mwini nyumba kunja. Mukakumana ndi x^2, kapena pawa ina iliyonse yogawika ndi 2, m'kati mwa logarizimu, musatsitse pawayo. Tembenuzani mwachindunji: x^2 = 10^2, choncho x = 10 kapena x = −10, ndipo muyese onse awiri m'kabokosi.